Kuwerenga "Made in": chifukwa chake dziko lolembedwa limasiyana ndi komwe katundu anamangidwira

Tembenuzani tchaja ya foni, ketulo yamagetsi kapena nsapato, mupeza timawu tachingerezi takuti "Made in" totsatana ndi dzina la dziko. Ambirife timatiwerenga ngati adiresi ya fakitale, poganiza kuti dzikolo ndi kumene wantchito womaliza anamanga sikuluu yomaliza n'kutseka katoni. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma dzina limenelo kwenikweni ndi yankho la funso limene akasitomu a m'malire a dziko amafunsa, lakuti: kodi chinthu ichi chinasanduka chimene chili lero chili m'dziko liti? Yankho lake limadalira malamulo a dziko limene katunduyo akukagulitsidwa, ndipo malamulowo safanana. N'chifukwa chake pali katundu amene anamangidwa yense m'dziko lina, koma lamulo n'kumukaniza dzina la dzikolo.

Mwambo wolemba dziko pa katundu unazika mizu ku Britain m'chaka cha 1887, pamene nyumba ya malamulo inafuna kuti ogula azisiyanitsa katundu wa kwawo ndi wochokera kunja, makamaka wa ku Germany amene ankatsanzira mipeni ndi zitsulo za ku Sheffield. Ku America, lamulo la misonkho la 1930 limanenabe mpaka pano kuti katundu wolowa m'dzikomo alembedwe dziko lochokera, m'Chingerezi, pamalo pooneka, kuti wogula womaliza adziwe. Masiku amenewo vuto linali lochepa chifukwa zinthu zambiri zinkapangidwa pamalo amodzi. Lero chinthu chimodzi chimatha kudutsa m'mafakitale a mayiko anayi kapena asanu, pamene lebulo ili ndi malo a dzina limodzi lokha.

Bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO linayamba ntchito yogwirizanitsa malamulowa mu 1995, ndipo linadzipatsa zaka zitatu. Ntchitoyo sinathe mpaka lero. Dziko lililonse likugwiritsabe ntchito muyeso wake.

Muyeso wa kusandulika

Katundu wolimidwa, wokumbidwa kapena wowedzedwa m'dziko limodzi savuta. Tiyi wothyoledwa ku Thyolo ndi wa ku Malawi, mkuwa wokumbidwa ku Kitwe ndi wa ku Zambia. Mkangano umabuka zipangizo zikachokera kwina, ntchito n'kuchitikira kwina.

Apa mayiko ambiri amatsata mfundo imodzi, ngakhale amaiyeza mosiyana: katundu ndi wa dziko limene anasandulika komaliza kukhala chinthu china chatsopano. Makhoti a ku America amanena kuti chinthucho chiyenera kutuluka ndi dzina latsopano, chikhalidwe chatsopano kapena ntchito yatsopano. Mawu amenewa anatchuka ndi mlandu wa 1908 wa kampani yofulula mowa ya Anheuser-Busch, imene inkaitanitsa zitsekerero za mabotolo kuchokera kunja, n'kuzitsuka ndi kuzinyika m'mankhwala, kenaka n'kumanena kuti yazipanga. Khoti lalikulu linati chitsekerero chotsukidwa chikadali chitsekerero basi. Zili ngati chimanga: chikalowa m'chigayo chimatuluka ufa, dzina lasintha, ntchito yasintha, sungachibzalenso. Koma amene wagula thumba la ufa n'kuupakira m'timapepala ta kilogalamu imodzi sanapange ufa, ngakhale atasindikiza dzina lake papepalapo.

Kumanga zipangizo kuli pakati pa ziwirizi, ndipo ndi pamene nkhani imakomera.

Tochi ya ku Vermont

Kampani ya Energizer, yodziwika ndi mabatire, inkapanga tochi ya asilikali pa fakitale yake ya ku Vermont, m'dziko la America. Tochiyo inali ndi tizigawo pafupifupi 50. Tonse tinkachokera ku China kupatula tiwiri tokha, kamodzi mwa ito kali kababu koyera kounikira. Ntchito yomaliza yolumikiza inkachitikira ku Vermont: kulowetsa mawaya, kuwotcherera, kumanga masikuluu, kuyesa ngati ikuyaka, kupakira. Palibe tochi yathunthu imene inatsika m'sitima kuchokera ku China. Zimene zinkatsika ndi makatoni a tizigawo.

Kampaniyo inkafuna kugulitsa tochiyo ku boma la America, limene lili ndi malamulo oletsa kugula katundu wa mayiko ena monga China pa makontirakiti akuluakulu. Inapempha akasitomu kuti agamule kuti tochiyo ndi ya ku America. Akasitomu anakana mu 2013, nkhani inapita ku khoti loona za malonda a pakati pa mayiko, ndipo mu 2016 khotilo linagwirizana ndi akasitomu kuti tochiyo ndi ya ku China. Mlanduwu unali wokhudza zogula za boma, koma muyeso wa kusandulika umene anagwiritsa ntchito ndi womwewo umene amagwiritsa ntchito pa zolemba pa katundu.

Maganizo a khotilo ndi ofunika kuwatsatira bwino. Woweruza anayang'ana kachigawo kalikonse n'kufunsa ngati kanasintha dzina, chikhalidwe kapena ntchito katalowa m'tochi. Galasi linafika ku America lili galasi la tochi, ndipo linakhalabe galasi la tochi. Switchi inafika ili switchi. Chikhokhombe chinafika chitaumbidwa kale m'maonekedwe a tochi imeneyo, sichikanagwira ntchito ina iliyonse. Kunena kwina, tsogolo la kachigawo kalikonse linali litadziwika kale kasanachoke ku China. Chachiwiri, khoti linayang'ana ntchito yomangayo. Inkatenga mphindi zowerengeka pa tochi imodzi, ndipo yambiri inali yolowetsa, kukanikiza ndi kumanga, yosafuna luso lakuya. Khoti linati ntchito yotere siyisandutsa chinthu.

Kampaniyo inali ndi mfundo yomveka: tizigawo 50 tili m'katoni sitiunikira munthu usiku, koma tochi imaunikira, ndiye chatsopano chabadwa. Ineyo ndimaona kuti mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo oweruza ena a khoti lomwelo anadzadandaulapo kuti kuyang'ana kachigawo kamodzikamodzi kungachititse kuti pafupifupi kumanga kulikonse kuoneke ngati kopanda kanthu. Komabe taganizirani zimene zikanachitika Energizer ikanapambana. Kampani iliyonse ikanatha kutenga katundu wa ku China wosamangidwa, kubwereka shedi m'dziko lina, kulemba anyamata khumi ndi masukuludalaiva, n'kusintha dziko la katundu wake m'sabata imodzi. Mafakitale oterewa alipodi, ndipo malamulo a kasitomu analembedwa ndi diso loyang'ana iwowo.

Nkhani ina yofanana ndi imeneyi inali ya nsapato. Mu 1982 khoti lomwelo linaweruza mlandu wa kampani ya Uniroyal, imene inkaitanitsa zikopa za pamwamba pa nsapato kuchokera ku Indonesia zitadulidwa, kusokedwa ndi kuumbidwa kale, soli yokha n'kukamatidwa ku America. Khoti linati mtima wa nsapatoyo unali chikopa cha pamwambacho, ndipo kumata soli kunali kumalizitsa chabe. Wogula anayenera kuuzidwa kuti nsapatoyo ndi ya ku Indonesia, ngakhale palibe munthu akanatha kuivala isanafike ku America.

Pa zamagetsi, akasitomu a ku America kawirikawiri amatenga bolodi yaikulu, ija yobiriwira yokhala ndi timatchipi, ngati mtima wa chipangizocho. Funso limakhala lakuti timatchipi ndi tizigawo tina tating'ono tinawotchereredwa pa bolodiyo m'dziko liti. Mu 2023 kampani ya Cyber Power Systems, yopanga mabokosi osunga magetsi a makompyuta, inakangana ndi akasitomu pa katundu amene inalemba kuti "Made in Philippines". Mwa mitundu 6 ya katunduyo, khoti linavomereza mtundu umodzi wokha, umene kampani inapereka umboni wokwanira wa ntchito imene inachitikira ku Philippines, kuphatikizapo kupanga bolodi yake yaikulu. Inayo inagamulidwa kuti ndi ya ku China. Apa pakuoneka kanthu kenanso: amene akuitanitsa katundu ndi amene ayenera kubweretsa umboni, ndipo wopanda mapepala a m'fakitale amagonja ngakhale ntchitoyo itachitikadi.

Zovala zili ndi malamulo akeake

Pa nsalu ndi zovala, dziko la America linasiya kudalira oweruza, linalemba mndandanda wonena ntchito yeniyeni imene imapereka dziko. Pa malaya ndi mabuluku, ntchito imeneyo ndi kusoka. Thonje likhoza kulimidwa ku India, nsalu n'kuwombedwa ku China, koma ngati buluku linasokedwa lonse ku Maseru lidzalembedwa "Made in Lesotho". Apa dziko lolembedwa ndi komwe anamalizitsira zikugwirizana, ngakhale lebulo sikunena kanthu za nsalu imene mwina ndiyo yadya ndalama zambiri.

Nsalu zoyala pabedi ndi matawulo athonje zimayenda mosiyana. Pa zimenezi lamulo limati dziko ndi kumene nsaluyo inawombedwa. Mpukutu wa nsalu ukawombedwa ku Pakistan, n'kupita kudziko lina kukadulidwa, kupindidwa m'mphepete, kusokedwa ndi kupakidwa, ku America udzalowa ngati wa ku Pakistan. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: nsalu yoyala pabedi ndi nsalu basi, kupinda m'mphepete sikuisandutsa chinthu china. Juzi yolukidwa nayonso ili ndi lamulo lake. Ngati mikono, chifuwa ndi msana zinalukidwa kale m'maonekedwe ake m'dziko lina, juziyo ndi ya kumene inalukidwa, ngakhale zigawozo zikalumikizidwe kwina.

Dziko limodzi pa katundu, lina pa msonkho

Mpaka pano takamba za dzina limene wogula amawerenga. Koma pali funso lachiwiri limene amalonda athu amakumana nalo pa Mwanza, pa Mchinji kapena pa Songwe: kodi katunduyu ayenera kulowa popanda msonkho pansi pa mgwirizano wa COMESA kapena SADC? Funso limeneli lili ndi malamulo akeake, ndipo yankho lake sililembedwa pa katundu. Limalembedwa pa satifiketi yosonyeza kochokera katundu, imene akasitomu amafuna kuona.

Malamulo a COMESA amapereka njira zingapo zimene katundu wokhala ndi zipangizo zakunja angadutsire. Ziwiri mwa izo ndi za masamu. Yoyamba imati mtengo wa zipangizo zochokera kunja kwa COMESA, kuphatikizapo mayendedwe ndi inshulansi yake, usapitirire 60 peresenti ya mtengo wa zipangizo zonse. Yachiwiri imati phindu lowonjezedwa m'dzikomo lifike 35 peresenti ya ndalama zonse zopangira katunduyo mpaka pachipata cha fakitale. Yachitatu imayang'ana ngati katundu wasamuka kuchoka pa nambala ina ya m'buku la misonkho kupita pa ina, monga mmene thonje losapota lili pa 5201, nsalu yathonje yowombedwa pa 5208, malaya aamuna pa 6205.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo chongopeka, manambala ake ndi ongofanizira. Munthu watsegula fakitale ya njinga za kabaza ku Lilongwe ndipo akufuna kukagulitsa ku Chipata popanda msonkho. Njinga imodzi ikumudyera K200,000 kuti ituluke pachipata. Mwa ndalamazi, K150,000 ndi ya zipangizo zochokera ku India: felemu, mawilo, tcheni, mabuleki, mahandulo. K15,000 ndi ya zipangizo zakuno, monga kaliya wowotcherera ndi khushoni yake. K35,000 yotsalayo ndi malipiro a amisiri, magetsi ndi lendi ya fakitale.

Pa njira yoyamba, zipangizo zonse zikukwana K165,000, ndipo zakunja ndi K150,000. Imeneyo ndi pafupifupi 91 peresenti, kutali kwambiri ndi malire a 60. Pa njira yachiwiri, tikachotsa K150,000 pa K200,000 patsala K50,000, imene ndi 25 peresenti. Yaperewera pa 35. Mwini fakitale angayese kuloza buku la misonkho, poti zipangizo za njinga zili pa 8714 pamene njinga yathunthu ili pa 8712. Koma malamulo a COMESA amatchula mwachindunji kuti kungolumikiza zipangizo zoitanitsa kunja sikupereka dziko. Ndiponso akasitomu padziko lonse amawerengera njinga yathunthu yobwera yosamangidwa ngati njinga kale. Choncho njingayo yamangidwa ku Lilongwe ndi manja a Amalawi, koma pa Mwami idzalipira msonkho ngati katundu wakunja kwa COMESA.

Tsopano mwini fakitale asinthe kachitidwe. Asiye kuitanitsa felemu, aziitanitsa mapaipi achitsulo, n'kumadula, kupinda, kuwotcherera ndi kupenta konkuno. Tinene kuti zakunja zatsika kufika K110,000, zakuno zakwera kufika K20,000, ndipo ntchito ndi zoyendetsera fakitale zafika K70,000. Ndalama zonse zikadali K200,000, koma phindu lowonjezedwa tsopano ndi K90,000, kapena 45 peresenti. Njingayo yadutsa. Onani kuti pa njira yoyamba ikulepherabe, chifukwa K110,000 pa K130,000 ndi pafupifupi 85 peresenti, koma njira imodzi ndi yokwanira.

Masamu amenewa ali ndi msampha wake. Phindu la mwini fakitale ndi ndalama zotsatsira malonda siziwerengedwa, ndiye kukweza mtengo wogulitsira sikuthandiza. Komanso kwacha ikagwa mphamvu, zipangizo zakunja zimakwera mtengo pamene malipiro a amisiri sanasunthe. Njinga imene chaka chatha inali pa 37 peresenti ikhoza kutsikira pansi pa 35 popanda chosintha chilichonse m'fakitale.

Pali nthawi zinanso pamene ntchito yeniyeni yachitika, koma akasitomu amakana chifukwa cha cholinga chake. Lamulo la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya limati ntchito yomaliza yosandutsa katundu iyenera kukhala ndi chifukwa chomveka cha zamalonda, isakhale yongozembera msonkho. Mu June 2018, pa mkangano wa zitsulo ndi boma la America, mayiko a ku Ulaya anakweza msonkho wa njinga zamoto za ku America kuchoka pa 6 kufika pa 31 peresenti. Kampani ya Harley-Davidson inalengeza poyera kuti isamutsa ntchito yopanga njinga zopita ku Ulaya pofuna kupewa msonkhowo, ndipo inayamba kuzitumiza kuchokera ku fakitale yake ya ku Thailand. Akasitomu a ku Belgium anavomereza kuti njingazo ndi za ku Thailand, koma mu 2021 likulu la mgwirizanowo linalamula kuti chilolezocho chichotsedwe. Kampaniyo inagonja m'khoti mu 2023, n'kugonjanso pa apilo mu 2024. Fakitale ya ku Thailand inali yeniyeni, antchito anali enieni, koma mawu a kampaniyo mwini ndi amene anakhala umboni woitsutsa.

Ndale nazo zimatha kusintha lebulo fakitale isanasunthe. Mu 2020 boma la America linalamula kuti katundu wopangidwa ku Hong Kong azilembedwa kuti ndi wa ku China. Gulu la oweruza la WTO linagamula mu December 2022 kuti lamulolo likuphwanya mapangano, koma America inakana chigamulocho.

Chipangizo chimodzi, mayiko atatu

Amene anatsegulapo kompyuta ya patebulo yokhala ndi pulosesa ya AMD ya mtundu wa Ryzen 3000 anaona chodabwitsa pa chivindikiro chake chachitsulo. Palembedwa "Diffused in USA", pansi pake "Diffused in Taiwan", kenaka "Made in China" kapena "Made in Malaysia". Mizere iwiri yoyambayo ikunena kumene timatchipi ta m'kati tinasindikizidwa pa mbale zopyapyala za silikoni. Imeneyo ndiyo ntchito yovuta ndi yodula kwambiri, yotenga miyezi, m'mafakitale odya mabiliyoni a madola. Mzere wachitatu ukunena kumene timatchipito tinamatidwa pa kabolodi kake, kuvindikiridwa ndi kuyesedwa.

Kwa zaka zambiri makampani akhala akulemba dziko lomangira ndi kuyeserali pa matchipi. Koma mu April 2025, pa nthawi ya nkhondo ya misonkho ya pakati pa America ndi China, bungwe la makampani a matchipi ku China linalengeza kuti pa kasitomu ya kumeneko tchipi izitengedwa kuti ndi ya dziko limene mbale ya silikoni inasindikizidwa. Ndiye tchipi imodzimodziyo ikhoza kukhala ya ku Malaysia pa chivindikiro chake, n'kukhala ya ku Taiwan pa mapepala olowera ku China, popanda aliyense kunama.

Mbali inayo ya nkhani ndi ya mayiko amene amateteza dzina lawo. Ku America, katundu akhoza kusandulika mokwanira moti safunikanso kulembedwa "Made in China", koma osaloledwabe kulembedwa "Made in USA". Bungwe loteteza ogula la FTC limafuna kuti zonse, kapena pafupifupi zonse, za m'katunduyo zikhale za ku America. N'chifukwa chake mumaona mawu otalika ngati "Assembled in USA" kapena "Made in USA with imported parts". Switzerland inasankha nambala. Kuyambira pa 1 January 2017, wotchi yolembedwa "Swiss made" iyenera kukhala ndi makina a m'kati a ku Switzerland, kumangidwa ndi kuyesedwa komaliza komweko, ndipo 60 peresenti ya ndalama zoipangira iwonongedwe m'dzikomo. Yotsalayo ikhoza kukhala ya kwina. Popeza malipiro a ku Switzerland ndi okwera, sizivuta kufika pa 60 ngakhale chikhokhombe cha wotchi ndi nkhope yake zitachokera ku Asia.

Zimene wogula angawerenge yekha

M'mashopu athu, chosokoneza chachikulu si malamulo onsewa ayi. Ndi mawu olembedwa mochenjera kuti aoneke ngati akunena dziko pamene sakunena. Tengani sola ya m'shopu muyang'ane katoni yake: mbendera yakuda, yofiira ndi yachikasu pakona, zilembo zikuluzikulu zakuti "Germany Technology". Mawu amenewa salonjeza kalikonse za fakitale. Tembenuzani solayo, muwerenge kapepala komatidwa kumbuyo, kamene kali ndi mawatsi ndi mavoti. Pansi penipeni mwina mupeza "Made in PRC", ndipo PRC ndi chidule cha dzina la boma la China. Izi sizitanthauza kuti solayo ndi yoipa, poti masola ambiri padziko lapansi, abwino ndi oipa omwe, amapangidwa ku China. Chimene mwaphunzira ndi khalidwe la wogulitsa.

Mawu akuti "Designed in" amanena kumene anajambula pulani. Kampani ya Apple ndiyo inatchukitsa kalembedwe kameneka ndi "Designed by Apple in California. Assembled in China". "Packed in" amanena kopakira, ndipo ndi amene mungapeze pa paketi ya tiyi ku Britain, muli tiyi wosakaniza wa mayiko angapo, mwina ndi wa ku Mulanje womwe. "Distributed by", "Imported by" ndi "Manufactured for" amatchula wamalonda ndi adiresi yake. Zilembo za CE zimanena kuti wopanga akuti katundu wake akutsatira malamulo a chitetezo a ku Ulaya, ndipo zimapezeka pa katundu wopangidwa kulikonse. Chizindikiro cha bungwe lathu la MBS nachonso chimanena za muyezo wa katundu. Kusowa kwa dzina la dziko pachokha si umboni wa chinyengo, chifukwa ku Ulaya ndi ku Britain katundu wambiri wosakhala chakudya sakakamizidwa kulembedwa dziko. Malaya a pa kaunjika ochokera kumeneko akhoza kukhala enieni koma opanda "Made in".

Palinso uthenga umene umazungulira pa mafoni wonena kuti manambala oyamba a bakhodi amaulula dziko lopangira: 690 mpaka 699 China, 890 India, 600 ndi 601 South Africa. Manambalawo ndi oona, koma amanena za ofesi ya bungwe la GS1 imene inapereka nambala kwa kampaniyo. Sitolo ya ku South Africa ikaitanitsa maketulo ku China pansi pa dzina lake, bakhodi idzayamba ndi 600 pamene pansi pa ketulo palembedwa "Made in China".

Pa galimoto, chisokonezo chimakhala pakati pa kumene galimoto inagulidwa ndi kumene inapangidwa. Tikati galimoto ndi ya ku Japan, nthawi zambiri tikutanthauza kuti inakwera sitima ku Japan n'kutsikira pa Dar es Salaam kapena pa Durban. Koma Nissan March ya mtundu wa K13, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2010, inkapangidwa ku Thailand n'kutumizidwa ku Japan. Mitsubishi Mirage ya kuyambira 2012 chimodzimodzi. Toyota Avensis yogulitsidwa ku Japan inkachokera ku fakitale ya Toyota ya ku Burnaston, ku Britain. Kumbali ina, Hilux zambiri zogulidwa zatsopano kuno kummwera kwa Africa zimachokera ku Prospecton, ku Durban.

Galimoto zokhala ndi nambala ya tchesisi ya zilembo 17 zimapereka poyambira. Zilembo zitatu zoyamba zimanena wopanga ndi dera lake: J ndi Japan, AHT ndi Toyota ya ku South Africa, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand, W ndi Germany. Koma makampani ena amagwiritsa ntchito zilembo za likulu lawo ngakhale pa galimoto zomangidwa kwina. BMW zambiri zomangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, zimayamba ndi WBA ngati za ku Germany, ndipo fakitale yeniyeni imabisala pa chilembo cha nambala 11. Galimoto zopangidwira msika wa m'Japan momwemo zilibe nambala yotereyi. Zimakhala ndi nambala yaifupi yoyamba ndi mtundu wa galimoto, monga K13, kenaka kamzere ndi manambala, ndipo nambala imeneyo payokha siikuuzani dziko. Pamenepo tsegulani boneti kapena chitseko cha dalaivala, mupeze kachitsulo kapena kapepala ka wopanga, muwerenge dzina la kampani ndi chizindikiro cha fakitale, n'kuzifananiza ndi mtundu ndi chaka cha galimotoyo. Musadalire zolembedwa pa magalasi, matayala kapena malamba, chifukwa chilichonse mwa izo chimanyamula dziko la fakitale yake, ndipo pa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito zina mwa izo zinasinthidwa kale.